Umboni wa makasitomala: kuusonkhanitsa ndi kuulemba popanda kuthira mchere

Umboni wa kasitomala ndi mawu amene munthu amanena atagula katundu n'kumugwiritsa ntchito, ndipo mwini bizinesi amawaika pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti ena awaone. Mawuwo amakopa chifukwa achokera kwa munthu amene anatulutsa ndalama zake. Motero wogulitsa ali ndi ufulu wowafupikitsa ndi kukonza kalembedwe, koma alibe ufulu wosintha tanthauzo lake.

Ntchito imayamba ndi kusankha nthawi yofunsira. Telala akafunsa tsiku limene kasitomala wabwera kudzatenga diresi, amangomva kuti "zili bwino", poti anthu ambiri safuna kukhumudwitsa munthu pamaso. Yankho lenileni limabwera pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, diresi litavalidwa ndi kuchapidwa. Kafunsidwe nakonso kali ndi kanthu. Funso lakuti "Mwasangalala kwambiri, eti?" limamuika munthu mawu m'kamwa. Mafunso othandiza ndi onga awa: ankafuna chiyani pobwera, chinachitika n'chiyani atavala, nanga ndi pati pamene sipanamukomere.

Mwachitsanzo, mayi wina wasoketsa diresi la chinkhoswe, ndipo watumizira telala uthenga wa mawu pa WhatsApp: "Aa, diresi lija landikwana bwinobwino, mwamva? Ku chinkhoswe anthu awiri anandifunsa amene anasoka. Kungoti munachedwa ndi masiku awiri, mtima unali m'mwamba."

Telala angachotse "aa" ndi "mwamva" n'kulemba kuti: "Diresi landikwana bwinobwino. Ku chinkhoswe anthu awiri anandifunsa amene anasoka." Apa palibe chimene chawonjezedwa. Koma akalemba kuti "Aliyense ku chinkhoswe ankangofunsa za diresi langa, palibenso telala wina ngati ameneyu", wanama pawiri. Anthu awiri asanduka khamu lonse, ndipo kuyerekeza ndi matelala ena mayiyo sanakunene.

Chovuta kwambiri ndi chiganizo chonena za kuchedwa. Ngati uthengawo ukungoonetsa kasokedwe, telala angachisiye, malinga mwini mawu wavomera. Koma akaika mawu a mayiyo pansi pa mutu wakuti "Timasoka pa nthawi yake", wapusitsa owerenga ngakhale sanasinthe liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa mboni yakeyo inanena zosiyana ndi zimenezo. Njira yowongoka ndiyo kusiya dandaulolo mmene lilili, kenako telala n'kuwonjezera m'munsi, m'mawu akeake, zimene wachita kuti asadzachedwenso. Mawu akamasuliridwa m'Chingerezi muyezo ndi womwewo: "bwino" asasanduke mawu otanthauza "zodabwitsa".

Mawu akakonzedwa amabwerera kwa mwini wake asanatuluke. Uthenga umene munthu anatumiza kwa telala yekha si chilolezo chouonetsa ku gulu. Telala amamutumizira mawuwo monga mmene adzaonekere, n'kufunsa zinthu zitatu padera: ngati akuvomera mawuwo, ngati dzina lake lilembedwe lonse, loyamba lokha kapena lisalembedwe, ndiponso ngati chithunzi chake chiikidwe. Pojambula macheza a pa foni, nambala ndi chithunzi cha kasitomala zimaphimbidwa. Uthenga woyamba uja ndi yankho lovomera zimasungidwa, ndipo mwini mawu akadzasintha maganizo, umboniwo umachotsedwa.

Mphatso nayo imafuna kusamala. Kasitomala akachotseredwa mtengo kapena kupatsidwa mayunitsi kuti anenepo maganizo ake, owerenga ayenera kuuzidwa, ndipo mphatsoyo iperekedwe kaya wayamikira kaya wadandaula. M'bale wa telala angapereke umboni ngati anasoketsadi, koma ubalewo utchulidwe.

Ku Malawi nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Lamulo loteteza ogula la mu 2003 limaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotere. Lamulo la mu 2024 loteteza mbiri ya munthu, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, limakhudza kagwiritsidwe ntchito ka mayina, manambala a foni ndi zithunzi za anthu.

Umboni wopeka sumavuta kuuzindikira. Anthu asanu osiyana amayankhula mofanana ngati analembera pamodzi, amatchula dzina lonse la bizinesi monga pa chikwangwani, ndipo palibe amene akunena chimene anagula. Nthawi zina onse amaoneka tsiku limodzi. Umboni weniweni umakhala ndi tinthu timene wopeka saganizira, monga zipi imene sinavute kapena nsalu imene sinasuluke itachapidwa, ndipo kawirikawiri umakhala ndi kadandaulo kake. Ndiye chifukwa chake telala amene ali ndi mboni ziwiri zokha amaika ziwirizo, n'kudikira yachitatu.