Odi wa pa LinkedIn: uthenga woyamba usamveke ngati wotsatsa malonda

Mwana wa mlongo wanga amaika mapampu a sola m'madimba a ku Dedza. Tsiku lina madzulo anafika kwathu nkhope ili yakugwa, nandipatsa foni yake. "Malume, taonani. Ndalembera anthu makumi atatu pa LinkedIn, wandiyankha ndi mmodzi yekha."

LinkedIn ndi malo a pa intaneti pomwe anthu amadziwana pa nkhani za ntchito. Inayamba mu 2003 ku America, ndipo kampani ya Microsoft inaigula mu 2016. Munthu amalembapo maphunziro ake ndi ntchito zomwe wagwirapo, kenaka amapempha ena kuti alumikizane naye podina batani lolembedwa `Connect`. Pempholo lingathe kupita lokha, kapena limodzi ndi kauthenga kochepa mukasankha `Add a note`. Kauthenga kameneka ndi komwe kanamugwetsa mnyamatayu.

Anthu onse makumi atatu anawalembera mawu amodzimodzi: "Moni bwana. Ndife akatswiri a mapampu a sola, mitengo yathu ndi yotsika. Tingathandize bungwe lanu kukolola zochuluka. Tikumane sabata ino? Imbani pa nambala iyi." Mwa anthu amene anawatcha bwanawo munali amayi asanu ndi mmodzi.

Mu uthengawu mulibe bodza. Mapampu ake ndi abwino, ndawaona akutulutsa madzi. Vuto lake ndi lakuti mlendo walowa m'nyumba ya eni osanena odi, n'kuyamba kuyala katundu pamphasa. Wolandira uthenga amauona pa mndandanda wa mapempho pansi pa `My Network`, nthawi zambiri ali pa foni, pakati pa ntchito zina. Amaona chithunzi, dzina, mzere wonena ntchito ya wopemphayo, ndi mawu oyambirira. M'kanthawi kochepako amadzifunsa chinthu chimodzi: munthu ameneyu akundidziwa ine, kapena wangondipeza pa mndandanda wa anthu oti awagulitse zinthu? Mawu oti "ndife", "mitengo yathu" ndi "bungwe lanu" amamuyankhiratu. Palibe chilichonse m'menemo chimene sichikanalembedwa kwa munthu wina aliyense.

Ndiye ndinamufunsa kuti mwa anthu onsewo, amene akufunitsitsa kudziwana naye ndi ndani, ndipo chifukwa chiyani. Anatchula mayi wina woyang'anira za ulimi wothirira m'bungwe lothandiza magulu a alimi. Anali atawamva akuyankhula pa chionetsero cha zaulimi ku Chichiri, mu Blantyre. Mayiwo anadandaula kuti mapampu ambiri amene alimi amalandira amafa msanga chifukwa amakoka mchenga wa m'zitsime zosazama za m'dimba. Mnyamatayu atayamba kufotokoza zimenezi anasintha nkhope. Anandiuza momwe mchenga umadyera ziwalo za mkati mwa pampu, ndi momwe iye amaikira pampu m'mwamba pang'ono kuti isagunde pansi pa chitsime. Anayankhula mphindi khumi osapuma. Zonsezi anali nazo m'mutu, koma mu uthenga wake munalibe ngakhale liwu limodzi la zimenezo.

Malo olembapo ndi ochepa kwambiri. Amene amagwiritsa ntchito LinkedIn mwaulere amapatsidwa zilembo 200, ndipo amene amalipira amapatsidwa 300. Mipata ya pakati pa mawu imawerengedwanso. Kuti muone kuchepa kwake, meseji imodzi ya pa foni imatenga zilembo 160. Komanso amene sakulipira ali ndi mapempho owerengeka chabe pa mwezi amene angaikepo kauthenga kotere. Nchifukwa chake kuwamwaza kwa anthu osawadziwa n'kutaya mbewu pathanthwe.

Tinakhala pansi n'kulemba limodzi. Anayamba ndi moni ndi dzina la mayiwo, litalembedwa monga momwe eni ake analilembera pa tsamba lawo. Kenaka anapitiriza motere: "Ndinamva zomwe munanena ku Chichiri za mapampu ofa ndi mchenga wa m'zitsime za m'dimba. Ndimaika mapampu a sola ku Dedza, vutoli ndimaliona. Ndingakonde kutsatira ntchito yanu." Pamodzi ndi moni, uthengawu sunapitirire zilembo 200. Ambiri kuno amalemba mauthenga otere m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwika. Mafupa ake ndi omwewa.

Chiganizo choyamba ndi chimene chimanyamula katundu yense. Chikunena za mayiwo, za mawu amene anatuluka pakamwa pawo, ndi malo amene anawanenera. Munthu sangalembe chiganizo chotere ngati sanamvetsere. Apa pali msampha umene ambiri amagwamo: amamva kuti ndi bwino kuyamba ndi wolandirayo, ndiye amalemba kuti "ndachita chidwi ndi mbiri yanu yapamwamba". Kumeneko n'kushashalika, ndipo ogulitsa malonda akugwiritsa ntchito kwambiri moti anthu akangokuona amadziwa kuti kumbuyo kukubwera mtengo wa chinthu. Chofunika ndi chinthu chimodzi chogwirika: nkhani imene analemba, funso limene anafunsa pa msonkhano, kapena munthu amene nonse mumamudziwa. Ngati mukutchula munthu wachitatu, yambani mwamupempha chilolezo, chifukwa wolandirayo angathe kumufunsa.

Pa chiganizo chachiwiri tinatsutsana. Iye anafuna kubisa kuti amagulitsa mapampu, poopa kuti mayiwo athawa. Ndinamukaniza. Mzere wa pansi pa dzina lake ukunena kale ntchito yake, ndipo munthu wobisa chinthu choonekera amakayikitsa kuposa wochinena. Kunena ntchito yako n'kudzidziwitsa. Kutsatsa kumayamba pamene watchula mtengo, kudzitama, kapena kulonjeza phindu kwa munthu amene sanakufunse.

"Nanga nambala yanga, malume? Nanga kukumana?" Zimenezo tinazichotsa. Pempho la kulumikizana ndi pempho kale. Mukaonjezerapo lachiwiri, loti akupatseni nthawi yake kapena akuimbireni, ndiye kuti kuvomera kwake kwasanduka ngongole, ndipo njira yapafupi kwa iye ndi kudina `Ignore`. Akatero, LinkedIn imamupatsanso mwayi wonena kuti sakukudziwani. Anthu ambiri akanena zimenezo, akaunti yanu ingathe kuletsedwa kutumiza mapempho kwa kanthawi.

Pa foni pali kanthu kena koyenera kusamala. Nthawi zina mukadina `Connect` pa mndandanda wa anthu amene LinkedIn ikukuonetsani, pempho limapita pompo opanda mpata wolembapo. Ndi bwino kutsegula tsamba la munthuyo, kudina timadontho titatu, n'kusankha `Personalize invite`. Mukalakwitsa n'kubweza pempho, mumadikira mpaka masabata atatu musanathe kumutumiziranso munthu yemweyo.

Mayi aja anavomera patapita masiku anayi. Mnyamatayu anandiimbira ali wosangalala, akufuna kutumiza mndandanda wa mitengo usiku womwewo. Ndinamuuza kuti adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanatumiza, mayiwo akanaona kuti nkhani ya ku Chichiri ija inali nyambo chabe. Anangolemba kuthokoza m'mizere iwiri. Patapita masabata angapo mayiwo analemba za chitsime china chimene chinagumuka, ndipo iye anayankhapo pofotokoza zomwe anaonapo ku Dedza, osatchula malonda ake. Mayiwo ndi amene anadzamufunsa okha kuti amagwiritsa ntchito sefa yotani poteteza pampu ku mchenga.

Mpaka lero sanagule pampu ngakhale imodzi kwa iye, koma akamufuna amadziwa pomupeza. Inu amene muli ndi pempho lokonzeka kutumiza, yambani mwachotsa dzina la munthuyo n'kuikapo la wina. Ngati uthengawo ukumvekabe bwino, musautumize; bwererani mukawerenge zomwe munthuyo analemba.