Chitenge cha buluu, duku la mtundu wanji?

Komiti ya kichenipate ikasankha chitenge, nkhondo imatsala pa duku, nsapato ndi nsalu ya manja. Ambiri amazungulira Kamwala yonse kufuna buluu wofanana ndendende ndi wa pa chitengecho. Sapezeka. Amagula woyandikira, ndipo pa chithunzi chovala chimaoneka monga mbali ina inasuluka ndi dzuwa.

Njira yapafupi ndi kuleka kufuna mtundu wofanana, n'kutenga woyang'anana nawo.

Muli khale mu minibasi momwemo, jambulani wotchi kumbuyo kwa lisiti. Pa 12 lembani kufiira, pa 2 olenji, pa 4 yelo, pa 6 girini, pa 8 buluu, pa 10 pepo. Manje kokani mzere kuchokera pa mtundu wanu, udutse pakati mpaka tsidya lina. Kufiira kugwera pa girini, buluu pa olenji, yelo pa pepo. Pepala likataika, kumbukirani mitundu itatu ya penti wa kusukulu: kufiira, yelo ndi buluu. Chotsani wanu, sakanizani iwiri yotsalayo. Mukachotsa buluu, kufiira ndi yelo zikupatsani olenji.

Mitundu yoyang'anana ikakhala pamodzi, uliwonse umawalitsa unzake. Vuto lili pomwepo. Mukaipatsa malo ofanana, siketi ya buluu wowala ndi bulauzi ya olenji wowala, imalimbana mpaka maso a wokuonani amatopa. Yang'anani mbendera yathu: girini watenga bwalo lonse, kufiira ndi kamzere chabe kumbali.

Titenge chitenge cha buluu wakuda chokhala ndi timaluwa toyera. Diresi lonse lisokedwe ndi chitengecho. Olenji alowe pang'ono: duku, ndolo, kapena kansalu kopyapyala m'khosi. Malo awiri akwana. Nsapato ndi chikwama zikhale zakuda kapena zoyera kuti maso apezeko popumira. Ngati olenji wa chipatso mukumuona waphokoso maningi, tengani wofooka, wonga njerwa yowotcha kapena mkuwa. Akadali m'banja la olenji, ndipo kwa ine ndiye amakhala bwino pa buluu wakuda.

Wotchi ija ili ndi polekezera. Buluu si mmodzi. Wopendekera ku girini amafuna olenji wofiirira, pamene wopendekera ku pepo amafuna olenji wopita ku yelo. N'chifukwa chake musagule ndi chithunzi cha mu foni, chifukwa kamera imasintha mitundu. Pemphani atelala akuduleni kachidutswa, muyende nako m'chikwama.

Ndipo musagamule muli m'kati mwa shopu. Babu lachikasu limadetsa buluu, olenji n'kuoneka wokoma kuposa mmene alili. Pemphani mutulukire pakhomo, sanjikani nsalu ziwirizo, mnzanu azigwire, inu mubwerere m'mbuyo mapazi asanu. Ngati pamene zakumanirana pakuoneka monga pakunjenjemera, zonse ziwiri zawala kwambiri. Bwezani ya olenji, mufunse yoderako.