Makina a Telala Wa ku Ndirande ndi Foni Yake

Telala wina wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre anali ndi loto limodzi: kuti kanema wake mmodzi afalikire dziko lonse pa TikTok, maoda n'kumabwera ngati mvula. Kamodzi zinachitikadi. Kanema woonetsa diresi la chitenje anaonedwa ndi anthu ambirimbiri, koma ambiri anali akutali, ena ku Joni, ena ongoseka nyimbo yomwe anaikamo. Palibe anabwera kudzayezetsa.

Apa m'pamene pali nkhani. Telala sagulitsa kanema, amagulitsa muyezo. Kasitomala ayenera kufika pakhonde pamene pali makina, tepi imuzungulire m'chiuno, abwerenso kudzayesa chovalacho. Munthu wa ku Mzuzu sangachite zimenezi.

Mayiyu atasintha njira, anayamba kuika zithunzi pa sitetasi ya WhatsApp tsiku lililonse, popeza sitetasi imazimirira pakatha maola 24. Lolemba amaonetsa nsalu zomwe zafika, pakati pa sabata chovala chili pamakina, Loweruka chomalizidwa atachisita bwino, mtengo ndi tsiku lotengera zitalembedwa pansi. Oona anali ochepa, koma anali anthu a kumpingo, a m'banki m'khonde ndi makolo ofuna mayunifolomu sukulu zikamatsegulira. Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe itafika, dzina lomwe linali m'maso mwawo linali lake.

Chovuta chake n'chakuti bandulo imadya ndalama, ndipo sabata zoyamba foni imangokhala zii. Atelala ambiri amasiyira pomwepo. Inu musasiye, ndipo musanaike chithunzi cha kasitomala, yambani mwamupempha.