Kompyuta Ikakana Kuiona Modemu, Musathamangire Kukaitsegulitsa

Mwalowetsa modemu pa laputopu, kanyali kake kakuthwanima, bandulo mwagula, koma intaneti kulibe. Mnzanu akangoyang'ana amati, "Imeneyi ndi yokiyidwa, mukaitsegulitse." Ambiri amapitadi kwa okonza mafoni kumsika n'kukalipira, koma pobwerera kunyumba vuto lili pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti modemu yokiyidwa kompyuta imaiona bwinobwino; chimene imakana ndi simu khadi basi. Ngati kompyuta siikuiona n'komwe, loko alibe mlandu. Choncho funso loyamba likhale ili: kodi kompyutayi ikuona chiyani pamene ndalowetsapa?

Tiyambe ndi magetsi, poti apa sipachedwetsa. Doko la USB 2.0 limapereka mphamvu yosapitirira ma miliampeya 500, ndipo modemu ikamasaka netiweki pamalo ofooka imakoka pafupifupi yonseyo. Mukailumikiza kudzera pa chingwe chachitali chotchipa kapena pa kabokosi kogawa madoko, imayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Ilowetseni molunjika pakompyuta, ndipo yesani doko lina.

Tsono pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Mamodemu ngati Huawei E173, imene inafala kwambiri m'masiku a 3G, amakhala ndi nkhope ziwiri. Ikangolowetsedwa, modemu imadzionetsa ngati sidi. M'sidimo muli pulogalamu ndi madalaiva ake. Opanga anachita dala kuti asamaike sidi yeniyeni m'bokosi. Madalaiva aja akaikidwa, amatumiza lamulo kwa modemu kuti isinthe. Imazimiririka kwa masekondi angapo, kenako n'kubweranso ngati modemu yeniyeni. Lamulolo likapanda kufika, imangokhala sidi mpaka kalekale.

Pa Windows mungadzionere nokha. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `devmgmt.msc`, ndipo Device Manager itseguka. Lowetsani modemu maso ali pamndandanda. Ngati E173 yathu yaonekera pansi pa DVD/CD-ROM drives pokha, osaoneka pansi pa Modems kapena Ports (COM & LPT), ndiye kuti sinasinthe. Kawirikawiri zimatero chifukwa Windows ya masiku ano salola kuti pulogalamu izidziyambitsa yokha. Tsegulani This PC, lowani m'sidi ija, dinani `AutoRun.exe` kapena `Setup.exe` ndi batani lamanja la mbewa, n'kusankha Run as administrator. Ikamaliza, zulani modemu, dikirani pang'ono, ilowetseninso ndi kuipatsa theka la mphindi. Anthu ambiri amazula msanga ili pakati posintha.

Pa Linux zimaoneka poyera kuposa apa. Lamulo la `lsusb` limaonetsa manambala awiri a chipangizo chilichonse. Yoyamba ndi ya kampani yopanga: `12d1` ndi Huawei, `19d2` ndi ZTE. Yachiwiri ndiyo imanena nkhope imene modemu yavala. Mukaona `12d1:1446`, E173 ikadali sidi. Ikasintha imabwera ndi nambala ina, monga `12d1:1436`. Mamodemu ambiri a ZTE akakhala sidi amaonetsa `19d2:2000`. Ntchito yosinthayi imagwiridwa ndi pulogalamu ya `usb_modeswitch`, imene iyenera kuchita yokha. Ikalephera, mungaikankhe pamanja:

```
lsusb
sudo usb_modeswitch -v 12d1 -p 1446 -J
lsusb
```

Nambala yachiwiri ikasintha, gawo limeneli mwathana nalo. Chowawa chake n'chakuti ngati pulogalamuyi mulibe, muyenera kuitenga pa intaneti, intaneti yomwe mukuisowayo. Apo bwerekani ya pafoni kwa mphindi zochepa.

Nanga modemu ikasintha koma pambali pake pali kachizindikiro kachikasu? Apa ndi nkhani ya madalaiva. Dinani kawiri pa dzinalo muwerenge uthenga. Code 28 ikutanthauza kuti dalaiva palibe. Code 10 ikuti chipangizo chalephera kuyamba, ndipo nthawi zambiri pamakhala dalaiva wolakwika. Laputopu za kaunjika ndiponso za mu ofesi zimene zadutsa m'manja ambiri ndizo zimavutika kwambiri, pakuti aliyense anasiyamo pulogalamu ya modemu yake. Mupezamo Mobile Partner, ina ya kampani ya mafoni, inanso ya modemu imene inatayika kalekale. Zonsezi zimadzuka kompyuta ikayaka, n'kumalimbirana doko limodzi la COM ngati amayi awiri pa mpopi umodzi. Doko limenelo limalola pulogalamu imodzi pa nthawi imodzi, choncho imene yachedwa imakuuzani kuti palibe chipangizo, chipangizo chilipo.

Mankhwala ake ndi kusesa, osati kuonjezera. Zulani modemu. Chotsani mapulogalamu onse a mamodemu mu Programs and Features. Mu Device Manager dinani View, kenako Show hidden devices. Muona mayina otuwa a mamodemu akale pansi pa Modems, Ports ndi Network adapters. Chotsani a mamodemu okhaokha, ndipo pakaoneka kabokosi kofunsa ngati dalaiva nayenso achotsedwe, chongani. Zimitsani kompyuta, iyatseninso, ndiyeno ikani pulogalamu imodzi yokha, ya m'modemu momwemo. Ine sindikhulupirira mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kukonza madalaiva onse pakamodzi. Amabweretsa zinyalala zambiri kuposa zimene amachotsa.

Pali mamodemu ena amene simudzawapeza pansi pa Modems ngakhale ali bwino. Huawei E3372 ya mtundu wa HiLink imaonekera pansi pa Network adapters, ndipo imayendetsedwa potsegula `192.168.8.1` mu pulogalamu yanu yotsegulira masamba a intaneti.

Tsopano tafika pa loko. Kompyuta yaiona modemu, pulogalamu yatseguka, koma ikupempha nambala kapena ikuti simu ndi yosayenera. Maloko alipo awiri, ndipo kuwasokoneza kumapweteketsa. Woyamba ndi PIN ya simu khadi yeniyeniyo: mukalakwitsa katatu imafuna PUK, ndipo PUK mukailakwitsa kakhumi simu yafa. Kuti mudziwe, ikani simuyo m'foni. Ikapempha PIN, ilembeni, kenako muizimitse m'makonzedwe a foni. Muonenso ngati simu inakhala bwino, chifukwa timasimu tating'ono ta masiku ano timaterereka m'kachimango kake.

Wachiwiri ali m'modemu. Kampani ikagulitsa modemu motchipa imaikiya kuti izilandira simu zake zokha. Ya Airtel ikhoza kukana simu ya TNM, ndipo imene achimwene anatumiza kuchokera ku Joni ili ndi chizindikiro cha Vodacom ikhoza kukana zonse ziwiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikanimo simu ya kampani imene dzina lake lalembedwa pa modemu. Ikagwira, ndi loko ameneyu. Okonza amafunsa modemu ya Huawei molunjika ndi lamulo ili:

```
AT^CARDLOCK?
```

Yankho ngati `^CARDLOCK: 1,10,0` likutanthauza kuti ndi yokiyidwa ndipo mwatsala ndi mwayi khumi. Nambala yoyamba ikakhala 2 ndi yotseguka. Ikakhala 3, mwayi unatha ndipo nambala yotsegulira siingalandiridwenso. Nambala yotsegulirayo, ya manambala asanu ndi atatu pa mamodemu akale ngati E173, imachokera ku IMEI ya modemu yanuyo, choncho ya mnzanu siingagwire ngakhale mamodemu ali ofanana.

Musalembe nambala zongoganizira. Yambani mwafunsa ku kampani imene inagulitsa modemuyo, ndipo mukapita kwa wokonza, muuzeni akuonetseni mwayi umene watsala asanalembe chilichonse.