Kusaka Uthenga Wakale pa WhatsApp

Mayi wogulitsa zitenje akufuna mtengo umene anagwirizana ndi kasitomala chaka chatha, koma mauthenga pa WhatsApp ndi ambirimbiri. M'malo motsetsereka ndi chala mpaka kutopa, amadina kagalasi kofufuzira kali pamwamba pa mndandanda wa macheza, n'kulemba liwu limodzi limene akulikumbukira, monga "chitenje". Foni imatulutsa macheza onse okhala ndi liwulo, pamodzi ndi masiku ake.

Vuto limakhala kalembedwe. Ngati kasitomala analemba "chtenje" mothamanga, kusaka "chitenje" sikungaupeze uthengawo, choncho ndi bwino kuyesanso liwu lina kapena dzina la munthuyo. Mawu ojambulidwa sasakika ndi zimene zinalankhulidwamo. Macheza obisidwa mu Archived amapezekabe, koma ofufutidwa satulukanso.