Kodi mumadziwa? Mmene mutu wa nkhani ya Chifalansa umasandukira wa Chingelezi

Kodi mumadziwa kuti makampani otumiza nkhani kunja anayamba ndi omasulira? Charles-Louis Havas ankamasulira nyuzipepala zakunja mumzinda wa Paris asanakhazikitse kampani yake ya nkhani mu 1835, yomwe ndi kholo la AFP ya lero. Mmodzi mwa anthu amene anamugwirirapo ntchito yomasulira anali Paul Julius Reuter, amene anakatsegula Reuters ku London mu 1851. Koma pali kachigawo kamodzi ka nkhani kamene womasulira waluso samasulira liwu ndi liwu. Kachigawoko ndi mutu. Iye amaugwetsa n'kuumanganso. Tiyeni tione ndi nkhani imodzi yeniyeni, ngakhale mitu yomwe ili m'munsimu ndi zitsanzo zopeka ife tokha.

Kodi mumadziwa kuti mawu 14 angathe kutsala 8 nkhani osaduka mwendo? Pa 4 Disembala 2024 aphungu 331 a ku France anavota kuti alibe chikhulupiriro ndi boma la nduna yaikulu Michel Barnier, ndipo bomalo linagwa. Zoterezi zinali zisanachitikenso chiyambire 1962. Mkonzi wa ku Paris angalembe kuti *Motion de censure : le gouvernement de Michel Barnier a été renversé par l'Assemblée nationale*. Mnzake wolemba Chingelezi angalembe kuti *French MPs topple PM Barnier in no-confidence vote*. Onani zimene zachitika. Timawu *le* ndi *de* tagwa, ndipo *the* sanalowe m'malo mwake. Dzina loyamba la Barnier lachoka. Nyumba ya malamulo yasanduka aphungu a zilembo zitatu zokha. Koma mawu awiri alowa omwe kunalibe: *French* ndi *PM*. Mfalansa safunika kuuzidwa kuti Barnier ndani kapena kuti nkhaniyi ndi ya dziko liti, pomwe wowerenga wa ku Lagos kapena Lusaka amafunika. Choncho kufupikitsa si kudula kokha ayi, ndi kusinthanitsa.

Kodi mumadziwa kuti zomwe zachitika dzulo amazilemba ngati zikuchitika pompano? Mutu wa Chifalansa uja uli m'nthawi yapitayi, koma wa Chingelezi uli ndi mneni wa nthawi yatsopano, *topple*. Umenewu ndi mwambo wa mitu ya Chingelezi, ndipo uli ndi chifukwa chake. Wowerenga akaona mneni wothera ndi *-ed* pamutu, amamva kuti munthu wotchulidwayo ndiye wachitidwa chinthu. *Barnier toppled* akutanthauza kuti Barnier wagwetsedwa, osati iye wagwetsa wina, chifukwa kamneni kothandizira *is* amakataya dala. Womasulira wosazindikira akangotengera nthawi yakale ya Chifalansa, wowerenga amapunthwa: sadziwa msanga wagwetsa ndani, wagwetsedwa ndani.

Kodi mumadziwa kuti mawa lonse limakwanira mu zilembo ziwiri? Boma litagwa, aliyense ankadikira kuti Pulezidenti Emmanuel Macron asankha yani. Chifalansa chimamata nthawi yam'tsogolo ku mneni: *Macron nommera un nouveau premier ministre*. Chingelezi cha pamutu chimakonda kuzemba *will* n'kugwiritsa ntchito *to*: *Macron to name new PM*. Tsiku limene wasankhadi, *to name* amasanduka *names*. Kusiyana kwake n'kochepa ngati kambewu ka mpiru, koma wina akunena lonjezo, wina akunena chochitika.

Kodi mumadziwa kuti Afalansa ali ndi "akuti" wawo wobisika mkati mwa mneni? Ife tikamva nkhani yosatsimikizika timati "akuti wafika", ndipo aliyense amadziwa kuti sitinaone ndi maso. Atolankhani a Chifalansa amachita zomwezo posintha mneni: m'malo mwa *est* amalemba *serait*, m'malo mwa *a* amalemba *aurait*. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Buku la galamala limati *serait* ndi *would be*, koma *Bayrou serait le favori* sakutanthauza kuti François Bayrou akanakhala patsogolo zinthu zikanayenda mwina. Akutanthauza kuti anthu akuti ali patsogolo mwa omwe angasankhidwe kukhala nduna yaikulu. Womasulira ali ndi njira ziwiri zolakwira: kulemba *would be*, zomwe sizimveka, kapena kuchotseratu chikaikocho, mphekesera n'kusanduka choonadi. Njira yabwino ndi kuika liwu loti *reportedly*, kapena kutchula amene wanena. Nkhani ikakhala yonena kuti munthu waba kapena wapha, "akuti" ameneyu akatayika nyuzipepala imatha kukapezeka kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri.

Kodi mumadziwa kuti nyumba ndi misewu ya ku Paris zimayankhula m'mitu ya nkhani? Pa 13 Disembala 2024 Macron anasankhadi Bayrou. Mfalansa angalembe mawu atatu okha, *Bayrou à Matignon*, popanda mneni aliyense, ndipo anthu akwawo amva. Matignon ndi nyumba yomwe nduna yaikulu imagwirirako ntchito, monga mmene Mmalawi amamvera mukangoti "Sanjika". Élysée ndi kwa pulezidenti, Bercy ndi unduna wa zachuma, Quai d'Orsay ndi unduna woona za ubale ndi maiko akunja. Mlendo akamva zoti Bayrou ali ku Matignon angaganize kuti wapita kukacheza. Apa ndiye Chingelezi chimatalika kuposa Chifalansa, chifukwa chimafuna wochita, mneni ndi udindo: *Macron names Bayrou as French PM*.

Kodi mumadziwa kuti timadontho tiwiri tosanjikizana timagwira ntchito zosiyana? M'mutu wa Chifalansa uja, mawu a kutsogolo kwa timadonthoti akungolengeza nkhani imene ikukambidwa, ndipo Afalansa amasiya kampata asanatilembe. M'Chingelezi kampatako kulibe, komanso kawirikawiri timadonthoti timaima m'malo mwa "wanena". Mukalemba dzina la Macron n'kutsatiza timadontho, wowerenga amamva kuti zotsatirazo zatuluka pakamwa pa Macron, ngakhale zili maganizo a mkonzi. Mawu a munthu amene Afalansa amatsekera ndi « », mitu yambiri ya Chingelezi imawatsekera ndi ' '. Za zilembo zazikulu nazo zimatengera nyumba: The New York Times imayamba pafupifupi liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, pomwe BBC ndi The Guardian zimakweza liwu loyamba ndi maina okha.

Kodi mumadziwa kuti liwu limodzi likhoza kuchulukitsa ndalama ka 1,000? Mkangano umene unagwetsa Barnier unali wa bajeti, momwe ankafuna kupeza *60 milliards d'euros* podula zina ndi kukweza misonkho. Pamutu wa Chingelezi zimenezi zimafupika kukhala *€60bn*. Msampha ndi woti liwu la *billion* lilipo m'zilankhulo zonse ziwiri, koma la Chifalansa ndi lalikulu ka 1,000 kuposa la Chingelezi. Komanso pomwe Mfalansa walemba 1,5 Mngelezi alemba 1.5. Maina ofupikitsa nawo amatembenuka: ONU ndi UN, FMI ndi IMF, OTAN ndi NATO.

Nayi njira yoyesera ngati mutu wamangidwa bwino. Phimbani nkhani yonse ndi dzanja, mutu wokha uoneke, ndipo mufunse munthu amene sanapondeko ku France kuti wachita ndani, wachita chiyani, zachitika kale kapena zikubwera, nanga ndi zotsimikizika kapena ndi za "akuti". Akakufunsani kuti Matignon ndi ndani, bwererani patebulo.