Uthenga woyamba kwa aneba mukasamukira mumzinda

Munthu akapeza ntchito ku Lilongwe n'kupeza nyumba ya lendi ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, kawirikawiri amafikira pa poloti pomwe pali kale mabanja awiri kapena atatu. Mpopi ndi umodzi, chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, geti ndi limodzi, ndipo pena mita ya ESCOM nayonso imakhala ya nonse. Alandilodi ena sakhala pomwepo. Amakupatsani makiyi ndi nambala ya foni ya mmodzi mwa okhalapo, n'kukuuzani kuti zina zonse mukafunse amenewo. Kumudzi mlendo amakhala ndi womuperekeza kwa amfumu n'kumuonetsa kwa anthu. Mumzinda ntchito imeneyi mumaigwira nokha, ndipo masiku ano imayambira pa foni, chifukwa aneba ambiri amachoka m'mamawa n'kubwerera kutada.

Choyamba choti mudziwe n'chakuti wolandira uthengawo sakukudziwani, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chokukayikirani. Pafupifupi aliyense amene ali ndi foni m'dziko muno analandirapo uthenga wa akathyali wonena kuti ndalama ija atumize pa nambala iyi, kapena kuti alakwitsa nambala potumiza ndalama ndiye abweze. Choncho nambala yachilendo ikangolemba kuti "Muli bwanji?" n'kusiyira pomwepo, anthu ambiri sayankha. Si mwano ayi, akudziteteza. Ntchito ya mizere iwiri yoyamba ndi kuchotsa mantha amenewa: ndinu yani, mwalowa nyumba iti, nambala mwaitenga kuti.

Tiyerekeze mtsikana wochokera ku Zomba walowa Loweruka m'nyumba yakumbuyo, ndipo alandilodi amupatsa nambala ya mayi wa m'nyumba yakutsogolo. Lamlungu madzulo atha kulemba chonchi:

"Mwaswera bwanji mayi? Ndine Uje, amene ndalowa dzulo m'nyumba yakumbuyo, ya chitseko chobiriwira ija. Nambala yanu andipatsa ndi alandilodi. Ndachokera ku Zomba, ndiye kuno ndine mlendo. Ndimati ndidzadutse kudzakupatsani moni mukakhala ndi mpata. Komanso ndifunseko, kodi geti mumatseka nthawi yanji usiku? Zikomo."

Uthenga wake ndi womwewo, ndipo ndi wokwanira. Chitseko chobiriwira chija chili ndi ntchito, pakuti wakuba wa pa foni sangadziwe mtundu wa chitseko, pamene mayiyo akasuzumira pa zenera achiona. Kutchula alandilodi kumawapatsa munthu woti amufunse ngati akukayikabe. Mawu akuti "mayi" ndi "mwaswera" nawonso asankhidwa dala. Munthu amene simunamuone msinkhu mumamulemekeza kaye; "asisi", "achimwene" kapena "aneba" zidzabwera zokha mukazolowerana. Koma "bho?" kapena "sista" mu uthenga woyamba kwa mayi wa ana akuluakulu zimaononga chiyambi, ndipo kukonza kwake kumatenga nthawi. Ngati mwasamukira ku Mzuzu, kuyamba ndi "Monire" n'kupitiriza m'Chichewa kumasonyeza kuti mukudziwa kumene mwafika.

Funso la geti ndi limene ine ndimaliona lofunika kwambiri mu uthenga wonsewo. Moni yekha samupatsa munthu choyankha chenicheni, koma funso laling'ono, loyankhika m'mawu ochepa, limatsegula njira. Limawaikanso mayi aja pamalo pawo monga munthu wodziwa malamulo a pamalopo, ndipo limaonetsa kuti mlendoyo akufuna kuwatsata, osati kuwasintha. Lisankheni lomwe mukulifunadi. Ngati si geti, funsani kumene amataya zinyalala, kapena ngati madzi amasiyasiya kuti mudziwe zotungiratu m'zigubu. Likhale limodzi basi. Mafunso asanu nthawi imodzi amamutopetsa munthu, amati ayankha akapeza mpata, kenaka n'kuiwala.

Pali zinthu ziwiri zomwe siziyenera kuoneka mu uthenga woyamba. China ndi kubwereka, kaya ndi mbaula, simbi kapena ndalama. Mwina mukuzifunadi, koma munthu amene mawu ake oyamba ndi "mundibwerekeko" anzake amayamba kumuzemba asanamudziwe n'komwe. Chinzake ndi dandaulo. Wailesi ya aneba ikhoza kukhala kuti inakusowetsani tulo usiku woyamba, koma nkhani imeneyo imakambidwa pamaso, mutapatsana kale moni. Yolembedwa pa foni imamveka yaukali kuposa mmene munaiganizira. Nthawi yotumizira nayonso muiganizire. Masana kapena madzulo kusanade kwambiri ndi bwino. Bambo amene akulembera mayi wapabanja usiku anthu atagona akhoza kuyambitsa mkangano m'nyumba ya eni, ngakhale funso lake litakhala la geti lomwelo. Ngati nambala ya abambo a m'nyumbamo ilipo, ayambe ndi imeneyo. Kubipa kuti winayo aimbe ndiye musayerekeze n'komwe.

Zimasiyana pang'ono ngati munthuyo mukukhala naye nyumba imodzi, monga amachitira achinyamata ambiri amene angoyamba ntchito, kugawana lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri. Apa ndalama sizingapewedwe, ndipo ndi bwino kuzitchula msanga, koma mofunsa. Mnyamata amene akulowa pa 16 mwezi uli pakati atha kulemba kuti: "Achimwene, ndine Uje amene ndikulowa chipinda chinacho Lachitatu madzulo. Ndasangalala kuti tikhala limodzi. Kodi za mayunitsi ndi madzi mumayendetsa bwanji, kuti ndidziwiretu gawo langa?" Tinene kuti mnzakeyo wayankha kuti anagula kale mayunitsi a K20,000 a mwezi wonse. Theka la mweziwo anali yekha, ndiye K10,000 yoyamba ndi yake. Ya theka lotsala agawana pakati, ndipo wolowayo apereka K5,000. Akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, osadikira kukumbutsidwa, mnzakeyo mtima umakhala m'malo. Chimene chimalakwika n'kulemba ngati wobwera kudzalamula, kuti mbale zizitsukidwa motere, alendo asamagone. Zimenezo n'zofunika kukambirana, koma mutakhala pansi, ndipo amene munamupeza ayambe ndiye kunena mmene zimayendera.

Nanga akapanda kuyankha? Musafulumire kuganiza kuti akudani. Pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga sunafike pa foni yawo, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi bandulo yomwe yatha kapena foni yomwe yazima magetsi atathima. Zikatero tumizani uthenga wamba, umene sufuna intaneti. N'chifukwa chakenso mawu olemba amaposa mawu ojambula pa uthenga woyamba: sadya bandulo yambiri, ndipo munthu atha kuwawerenga ali m'minibasi kapena kuntchito. Tizizindikiro tikakhala tiwiri koma yankho palibe, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, osatumizanso wina pamwamba pake.

Kenaka pitani. Madzulo mukaona kuti abwera ndipo apumako, imani chapatali ndi khomo n'kunena "Odi!", osasuzumira m'nyumba. Akatuluka muwauze kuti ndinu amene munalemba uja. Musakhalitse, ndipo akati lowani koma mukuona kuti ali pa moto, nenani kuti mudzabweranso. Pamenepo ndi pomwe mungafunse ngati pamalopo pali amfumu kapena mkulu wa m'dera woti mukadzionetse, ndiponso ngati anthu amasonkha ya alonda a usiku ndi ya maliro, kuti osonkhetsa akadzafika akupezeni mukudziwa kale kuti ndi zingati.